"Nikamuneneza" si yankho lokwanira pa intavyu

Loweruka lina, pulogilamu yathu ya achinyamata itatha pa wailesi, tinakhala pansi pa mtengo ku Avondale ndi anyamata ndi atsikana ofuna nchito, tikuyeseza mafunso a intavyu. Mlongo wina wa ku Chelstone anali ataitanidwa kukayesedwa nchito ya ukashiya m'sitolo ina yaikulu. Tinamufunsa funso lija lomwe mabwana amalikonda: "Mwaona mnzanu wa pa tilo yoyandikana akuika ndalama ya kasitomala m'thumba mwake. Mungachite chiyani?"

Sanachedwe. "Nikamuneneza kwa manija pamene apo. Ine niwopemphera, sinikonda vakuba."

Anzake anawomba m'manja. Ife tinamuuza kuti yankholo silingamuchotse pa mzere, koma silingamupatsenso nchito. Aliyense wokhala pa mpando uja amati ndi wopemphera, ngakhale amene anachotsedwa mwezi watha ananena zomwezo. Wofunsayo safuna kumva kuti ndinu woyera mtima. Afuna kuona ngati mudziwa chochita pa Lachisanu madzulo, mzere utafika ku khomo, mnzanuyo ali munthu amene mumakwera naye minibasi imodzi tsiku lililonse.

Yankho lina lomwe timalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Ndingamuitane pambali, ndimulangize asiye." Limamveka laumunthu, ndipo ambiri a ife m'moyo weniweni ndi zomwe tingachite. Koma taganizani mmene bwana alimvera. Ndalama yabedwayo si yanu, ndiye simungakhululuke m'malo mwa mwini wake. Ndiponso mukangomulangiza n'kukhala chete, tsiku limene adzagwidwa mawu ake oyamba adzakhala akuti, "Uyunso anali kudziwa."

Tiyeni tiiyale nkhaniyo bwinobwino. Kasitomala wagula zinthu za K300, walipira ndalama m'manja, wathamangira basi osatenga lisiti. Mnzanu wadina VOID pa makina, ndiye kuti wafafaniza malondawo ngati sanachitike, ndipo mwamuona akupinda ndalama n'kuika m'thumba. Madzulo powerenga, tilo yake ikhala yokwana ndendende, chifukwa makina sakudziwa za K300 ija. Chosowa chidzaoneka patapita masabata, powerenga katundu wa pa mashelefu, ndipo nthawi imeneyo wokayikiridwa ndi aliyense amene anali pa shifiti, kuphatikizapo inu. Anthu ambiri amaona ngati kukhala chete ndi kusalowerera nkhani za eni, pamene nkhaniyo inakulowani kale.

Choyamba choti wofunsa amve m'kamwa mwanu ndi kusiyana kwa zimene mwaona ndi zimene mukuganiza. Munaona akufafaniza malonda, munaona ndalama ikulowa m'thumba. Simudziwa ngati kasitomala anabweza katundu, kapena ngati supavaiza anali atalola. "Ndi wakuba" ndi chigamulo, ndipo kugamula si nchito ya kashiya. Lamulo la nchito la dziko lino, Employment Code Act ya 2019, limati munthu asachotsedwe nchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Choncho mukanena zomwe mwaona simunamuchotse nchito ndinu. Mwangopereka nkhani kwa amene ali ndi mphamvu yoyang'ana malekodi a makina ndi kamera, kenako n'kumumva mwini wakeyo.

Mlongo uja titamubwereza kachitatu, yankho lake linafika apa: "Sindingakangane naye pamaso pa makasitomala. Ndingalembe tsiku, nthawi, nambala ya tilo ndi ndalama yomwe ndaona. Shifiti isanathe ndingauze supavaiza zimene ndaona chabe, osawonjezera, n'kusiya kuti iwo afufuze. Sindingakambe nkhaniyi kwa anzanga ena kapena pa gulu la WhatsApp. Ngati supavaiza ali m'nkhani yomweyo, ndingapite kwa manija kapena ku ofesi yoona za antchito." Ndi masentensi asanu, osafika mphindi imodzi. Mulibe mawu akuti "ndine wokhulupirika", koma womva amadzionera yekha.

Adzakukankhani pang'ono: "Nanga akakhala mnzanu wapamtima, mwana wake ali m'chipatala?" Apa musanamizire kuti mulibe mtima. Nenani kuti zingakuwaweni, kuti mungamuuze kuti apite yekha akafotokoze shifiti isanathe, ndipo akapanda kupita mupita ndinu. Ena mwa ife pa wailesi sitinagwirizane pa mfundo iyi. Wina anati kumuchenjeza ndi kumupatsa nthawi yobweza ndalama n'kukutembenuzirani nkhani. Ali ndi mfundo, ndipo ndi chifukwa chake zolemba zija ziyenera kukhalapo musanakambe naye. Ngati malamulo a kampani amati nenani msanga osauza munthu, tsatani amenewo.

Funso lovuta kwambiri si la mnzanu, ndi la bwana. Tenga nchito zomwe achinyamata ambiri a mu Lusaka amayambira: kugulitsa masimu pa msewu ndi kukhala mu buthi ya ndalama za pa foni. Aliyense adziwa kuti ZICTA imafuna simu iliyonse ilembetsedwe pa reji ya mwini wake. Manje mkulu wa gulu lanu akuti, "Mwezi ukutha, nambala sinakwane. Tenga mareji a makasitomala akale omwe ali mu foni, ulembetse masimu khumi." Mukatero, simu ina ikadzagwiritsidwa nchito kubera agogo ku Kabwata ndi mauthenga aja a "tumizani pa nambala iyi", apolisi adzayamba ndi mwini reji wosalakwa, kenako afike pa nambala ya ejenti amene analembetsa. Nambalayo ndi yanu. Mawu a mkulu uja sanalembedwe paliponse.

Poyankha funso lotere pa intavyu, musayambe ndi kuopseza kuti muthamangira ku Anti-Corruption Commission. Wofunsayo ndi bwana nayenso, ndipo afuna kudziwa ngati mungakane popanda kuyatsa moto. Nenani kuti mungakane mwaulemu, mukutchula lamulo osati khalidwe la bwanayo: "Bwana, izi sindingalembetse pa nambala yanga, reji iyenera kubwera ndi mwini wake." Kenako perekani njira ina yofikira chomwe akufuna, monga kukaima Loweruka pa msika wa Chelstone pomwe pali anthu atsopano. Akaumirira, apempheni kuti alembe lamulolo mu uthenga. Ambiri amabwerera pomwepo. Akapitiriza, ndiye mukwere kwa wamkulu wake.

Pali lamulo loteteza owulula zoipa, Public Interest Disclosure Act ya 2010, lomwe limakhudza nchito za boma ndi za makampani omwe, ndipo limaletsa kulanga wantchito chifukwa chowulula moona mtima. Kulitchula kamodzi pa intavyu sikulakwa. Koma sitikunamizani: amene ali pa nchito ya komishoni, wopanda kontilakiti yolembedwa, akhoza kungouzidwa kuti mawa asabwere, ndipo kumenyera ufulu wake kumafuna nthawi ndi ndalama ya basi yomwe alibe. Kukana kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amakamba ngati ndi kwaulere sanakhalepo ndi lendi yotsalira miyezi iwiri.

Chimodzi chomwe tinamuuza mlongo uja pomaliza ndi chakuti nayenso afunse. Akakupatsani mpata wa mafunso, funsani kuti, "Pano wantchito akaona chosayenera amakanena kwa ndani?" Akatchula munthu kapena ofesi mosachedwa, njira ilipo. Akayang'anana n'kuseka, mwaphunzirapo kanthu za malowo musanasaine.

Mlongoyo anapita ku intavyu Lachiwiri. Akuti funso la tilo linabweradi, koma ndalama yake inali K50, ndipo wofunsa anawonjezera kuti, "Ndi yochepa, si choncho?" Iye anayankha kuti angalembebe nthawi ndi nambala ya tilo. Akudikira foni.