Kabaza akatha ntchito ya usiku? Werengani maola kaye

Malipiro akachepa, amene amagwira ntchito usiku amaona ngati masana onse ndi ake. Ku Nsanje Boma, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, alonda ndi ogwira ntchito zachipatala amasinthana usana ndi usiku, monganso anzawo a kufakitale ya shuga ku Nchalo. Ife tikuti ganyu yapadera njabwino, koma isadye tulo.

Tiyerekeze bambo wa kwanu ndi mlonda, amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa. Ngati dzulo anadzuka 1 koloko masana, poweruka amakhala atatha maola 17 ali maso. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu wotere amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene walawako mowa. Ndiye bamboyu akwere njinga yamoto, anyamule mayi ndi mwana kupita ku Chididi?

Vuto lina ndi kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire. Mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata masana simugoneka. Maola a m'mawa, kuyambira 7 mpaka 11 koloko, ndiwo okhawo amene tulo timabwerako bwino, komanso ndi omwewo amene makasitomala a kabaza amachuluka. Akawagulitsa maolawo, sawapezanso. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 pa tsiku. Wa usiku angagone anayi kapena asanu m'mawa, n'kuwonjezera awiri kapena atatu asanalowe ntchito.

Choncho poganizira bizinesi, funsani funso limodzi: kodi ingadikire mwiniwake adzuke? Okala ya tomato sidikira, pokhapokha wina apabanja akhalepo. Oda ya zitumbuwa za m'mawa sidikiranso, ndipo sabata imene ndandanda ya ntchito yasintha, makasitomala amathawa. Koma nkhuku zachikuda, nkhanga ndi mbuzi zimangofuna madzi, chakudya ndi kuzitsekera madzulo, ntchito imene ana angathandize akaweruka kusukulu. Chimene chimagwetsa ambiri ndi chitopa. Katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse, mungakonze kuti aperekedwe tsiku lopuma. Njinga ija bamboyo angaibwereke kwa mnyamata wodalirika pa mtengo wogwirizana patsiku, iye n'kumayendetsa yekha masiku opuma, atagona mokwanira. Ndalama zichepako, inde, koma ndi zochepa poyerekeza ndi mwezi wathunthu ali m'chikhakha.

Inu a pakhomo, tchingani zenera ndi nsalu yakuda, ana akasewerere kutali, alendo auzidwe kuti bambo agona. Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, mukamayendera mabanja funsani kuti wa usikuyo wagona maola angati dzulo. Akamasinza ali pakati polankhula, kuiwala njira imene wangodutsa, kapena kudalira tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu kuti afike m'mawa, ganyu ija yadya kale tulo. Mulangizeni aisiye kaye, ndipo akayezetse BP kuchipatala, chifukwa kusagona mokwanira kwa nthawi yaitali kumathandizira kuthamanga kwa magazi.