Kanyama kotapa adokotala sikamwaza khansa ya pakhosi

Pali mawu amene afala pa maliro, m'maminibasi a ku Blantyre ndi pa WhatsApp kuno ku Mwanza: akuti khansa ya pakhosi saikhudza, adokotala akangotapako kanyama kokayeza, basi yalusa, munthu satha miyezi itatu. Tikuwakana mawuwa, chifukwa akugoneka pamphasa anthu oti akanathandizika.

Amene amanena izi sanama kuti anaika m'bale wawo patangopita milungu atachokera ku Queen Elizabeth. Koma funsani kuti anapita liti. Nsima inayamba kumutsamwitsa chaka chatha, anthu nkumati ndi vuto la mtima kapena anadyetsedwa. Anasiya nsima nkuyamba phala, kenako phala lamadzimadzi, ndipo galimoto anakwera malovu omwe atayamba kukana. Pamenepo chotupa chinali chitatseka kale kummero. Kanyama kamene amatapa sikaposa njere ya mpunga, ndipo ntchito yake ndi kuuza dokotala ngati ili khansa, TB kapena chilonda wamba.

Anthufe timangoti pakhosi, koma njira ndi ziwiri. Kholingo ndi ya mpweya ndi mawu, kummero ndi ya chakudya. Khansa ya kummero ndiyo yachuluka, moti Malawi ali m'gulu la mayiko amene imapezeka kwambiri padziko lonse. Fodya, wa chingambwe yemwe, ndi kachasu zimawononga njira zonse ziwiri, makamaka munthu akamaphatikiza. Koma osasuta asadzitonthoze. Mu 2016 bungwe la IARC linaika zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero, choncho tiyi ndi phala zomwa zikadali zotentha kwambiri si zachabe. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera nawonso ukukayikiridwa.

Tiyerekeze bambo wa zaka 55 wa ku Thambani, wosuta, amene mawu ake asasa kwa milungu itatu popanda chimfine. Ameneyu apite ku chipatala cha boma cha Mwanza. Mwina amuyeza makhololo, ndipo nkoyenera. TB ikapanda kupezeka, asangolandira mapilisi nkubwerera. Apemphe kalata yopita ku Queen Elizabeth, kumene amasuzumira pakhosi ndi kachubu ka kamera, kutapa kanyama ndi kujambula sikani. Achite chimodzimodzi amene chakudya chikumuima pachifuwa, amene ali ndi mwanabele wouma wosapweteka m'khosi amene sakuphwa, kapena khutu limodzi lopweteka pomeza pamene m'khutumo mulibe kanthu.

Zoyezazo zimayankha mafunso atatu amene pa fayilo amalembedwa T, N ndi M: chotupa chakula ndi kuzama bwanji, chafika m'mianabele kodi, nanga chadumphira kutali monga m'mapapo kapena m'chiwindi? Mayankhowo ndiwo amapereka siteji, kuyambira 1 mpaka 4, ndipo chithandizo chimatsata siteji.

Chotupa cha bambo uja chikakhala pa timinofu ta mawu pokha, mianabele ili bwino, ndi siteji 1. Amachichotsa ndi opaleshoni yaing'ono kapena kuchiwotcha ndi cheza cha makina masiku asanu pa mlungu kwa milungu pafupifupi sikisi. Ambiri otere amachira ndipo amayankhulabe. Akadikira mpaka mnofu wa mawu utauma osagwedezeka, kapena m'khosi mwatuluka mwanabele, ndi siteji 3: cheza chimafuna kemo pambali pake, apo ayi amachotsa kholingo lonse, munthu nkumapumira pa kabowo ka pakhosi moyo wake wonse. Ikafika m'mapapo, cholinga chimasintha, kuchiza kumasanduka kuchepetsa ululu ndi kuvutika. Ndi matenda amodzimodzi, mwa munthu yemweyo. Chasiyana ndi miyezi imene anakhala kunyumba.

Sitikubisa kuti kummero nkovutirapo. Khansa yake imayamba kutsamwitsa itakula kale, ndipo ambiri amapezeka mochedwa. Ngakhale apo, ulendo suli wachabe. Madokotala amaika sitenti, kachubu kotsegula njira kuti wodwala amezenso phala, ndipo mofini alipo wa ululu, monga ku kiliniki ya Tiyanjane ku Queen Elizabeth komweko. Sitikubisanso kuti makilomita pafupifupi 100 a ku Blantyre amadya ndalama, ndiponso zotsatira za kanyama zimachedwa. Komabe makina a cheza, amene kale anthu ankawalondola ku Zambia kapena ku India, tsopano alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Zotsatira zikatuluka, wodwala kapena womudikirira afunse dokotala maso ndi maso: ili pa siteji yanji, ndipo chithandizochi nchochiza kapena chochepetsa ululu? Yankho lilembedwe m'buku la kuchipatala, kuti aku Mwanza adziwe popitirizira.