Mtundu wokha sukwanira, ikaniponso chizindikiro

Msuweni wanga amathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Akaweruka, amakhala pakhonde n'kumasewera ludo pafoni ndi anzake, ndipo kawirikawiri amaluza. Anzakewo ankamuseka kuti ndi mbuli. Tsiku lina ndinamuyang'anitsitsa: akawerenga masitepe, ankasokoneza kankhomo kofiira ka mnzake ndi kake kobiriwira. Maso ake sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi.

Vutoli munthu amabadwa nalo, limagwira kwambiri amuna, ndipo amatengera kudzera kwa mayi. Mankhwala ake palibe. Ambiri amakula osadziwa, chifukwa zina zonse amaona bwinobwino. Msuweni wangayu m'munda salakwitsa, amathyola masamba awiri ndi kansonga poona maonekedwe ake komanso kufewa kwake. Pagemu paja, wopanga anangomusiyira mtundu basi.

Ngati muli ndi foni ya Android, lowani pa Settings, kenako Accessibility, mupeze Color correction. Mafoni ena anaiika pamalo osiyanako pang'ono. Pamenepo pamakhala zosankha za ovutika ndi zofiira ndi zobiriwira, komanso za buluu ndi chikasu. Tinayesa, zinathandizako. Koma tisanamizane, foni imangosintha kaonekedwe ka mitundu yonse pasikirini, siidziwa kuti kankhomo aka n'ka ndani. Dzuwa likawala pasikirini, chisokonezo chimabwereranso.

N'chifukwa chake ndikunena kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukupanga magemu ndi maapu ku Blantyre ndi ku Lilongwe: udindo ndi wanu. Uthenga uliwonse umene mwaupereka ndi mtundu, uperekeninso mwa njira ina. Kankhomo kofiira kakhale ndi nyenyezi, kobiriwira kakhale ndi mtanda. Gemu ya Wordle ili ndi batani losintha zobiriwira ndi zachikasu kukhala zaolenji ndi zabuluu, mitundu imene anthu otere amaisiyanitsa mosavuta.

Kuyesa sikulira ndalama. Tsegulani Developer options, musankhe Simulate color space, ndiye muyese Deuteranomaly komanso Monochromacy. Ngati mabatani awiri akufanana, bwererani mukakonze. Malemba nawonso aziwerengeka panja: muyezo wa WCAG umafuna kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa malemba wamba ndi pamene akhalapo kusachepere 4.5 kwa 1. Mawu oyera apansi pa kanema akagwera pa mtambo woyera amasowa, choncho aikireni kachigamba kakuda kumbuyo.

Wina anena kuti ndi masewera chabe. Inde, ludo sapha munthu. Koma chizolowezi chomwecho mudzapita nacho pa apu yolemba makilogalamu a tiyi, pomwe kadontho kobiriwira kakutanthauza kuti masamba alandiridwa, kofiira kuti akanidwa. Pamenepo woluza sakuluza gemu, akuluza malipiro a tsiku. Lembani mawu pambali pa kadonthoko.