Mwagwirizana awiri, nanga rota ikudziwa?

A Malawi ambiri amene anapita ku Britain kuyambira mu 2022, pamene dzikolo linatsegula zitseko kwa anthu osamalira okalamba, anakapeza kuti ndondomeko ya mashifiti, imene amaitcha rota, siikhala pakhoma pokha ayi. Imakhalanso m'foni, pa apu monga Deputy kapena RotaCloud. Apu yomweyo ndi imene umadina pofika pantchito ndi poweruka, ndipo maola amene yawerenga ndi amene amapita kwa okonza malipiro. Koma chizolowezi chimene tinachoka nacho kwathu sitinachisiye pabwalo la ndege. Ukakhala ndi ukwati kapena chinkhoswe Loweruka, umangomukokera mnzako pambali: "Asisi, mundigwirireko Loweruka, ine ndidzakugwirirani Lachiwiri." Iye n'kuti, "Palibe vuto." Kwa ife nkhani imathera pamenepo.

Pantchito nkhaniyo imakhala isanayambe n'komwe. Kusinthana shifiti kumachitika pamene dzina lasintha pa apu ndiponso supavayiza wavomereza molemba. Chimodzi chokha mwa ziwirizi sichikwana, chifukwa apu ndi supavayiza amayang'ana zinthu zosiyana.

Tiyerekeze amayi awiri a pa nyumba imodzi yosamalira okalamba. Wina ali pa shifiti ya Loweruka, wina ya Lachiwiri, ndipo shifiti iliyonse imayamba 8 koloko m'mawa n'kutha 8 koloko usiku. Pa maola 12 amenewa, ola limodzi ndi lopuma ndipo salipira, choncho olipidwa ndi 11. Tinene kuti pakati pa sabata amalandira mapaundi 13 pa ola, koma Loweruka ndi Lamlungu amalandira 14. Agwirizana pa WhatsApp kuti asinthane, ndipo palibe amene wakhudza apu.

Loweruka lafika. Mayi wa Lachiwiri uja wabwera pa nthawi yake, yunifolomu yosita bwino. Watsegula apu kuti adine zoti wafika, koma tsikulo palibe shifiti pa dzina lake. Apu zina zimamulola kuyamba shifiti imene sinali pa rota, koma maolawo amakhala pambali kudikira kuti bwana awavomereze. Zina zimangokana. Pa nthawi yomweyo, dzina la mnzake uja likusonyeza kuti sanabwere ndipo sanapereke chifukwa. Ntchito yagwirika, okalamba asambitsidwa ndi kudyetsedwa, koma zolembedwa zikunena kuti munthu wina wajomba ndipo wina wangolowa pamalo osaitanidwa. Mwezi ukatha, mapaundi 154 a tsikulo akhoza kusaoneka pa peyisilipi ya aliyense. Lachiwiri likadzafika chisokonezo chomwecho chidzabwerezedwa, maina okha atatembenuka.

Apa ndi pamene ena amachita zimene amati n'zanzeru: "Ndikupatsa pasiwedi yanga, udzangodina m'dzina langa, ndalama tidzapatsana patokha." Zimenezi ndiye musayerekeze. Kudinirana kumaonedwa ngati chinyengo, ndipo m'malo ambiri ndi mlandu wochotsetsa ntchito popanda chenjezo. Komanso m'nyumba ya okalamba chilichonse chimene wachita umalemba: wamwetsa ndani madzi, watembenuza ndani pabedi, nthawi yanji. Gogo wina akagwa Loweruka limenelo, ofufuza adzatsegula zolembedwa n'kupeza dzina la munthu amene anali kuvina ku ukwati mumzinda wina. Kwa amene viza yake inamangiriridwa kwa olemba ntchito, kuchotsedwa ntchito si kutaya malipiro kokha. Olemba ntchito amayenera kudziwitsa Home Office, ndipo kawirikawiri munthu amapatsidwa masiku 60 kuti apeze wina womulemba kapena achoke m'dzikomo.

Ndiye tinene kuti amayi athu achita bwino, alowa pa apu. Apanso pali poterera. Apu zambiri zili ndi njira ziwiri zimene zimaoneka zofanana. `Swap` ndi kusinthana kwenikweni, pomwe shifiti yanga ikupita kwa iwe ndipo yako ikubwera kwa ine pa pempho limodzi. `Offer`, kapena mawu ena ofanana nawo, ndi kungopereka shifiti yako kwa amene angaifune. Mayi wa Loweruka akadina yachiwiriyi, mnzake n'kulandira, ndiye kuti mnzakeyo tsopano ali ndi Loweruka ndi Lachiwiri lomwe, pamene iye watsala wopanda chilichonse ndipo maola ake a mweziwo achepa ndi 11. Kusinthana kwachitika theka.

Poterera pachiwiri ndi mawu akuti `Pending`. Mnzako akavomera pempho lako, foni imalira ndipo mtima umakhala m'malo. Koma ngati kampaniyo inakonza apu kuti kusinthana kulikonse kudutse kwa manijala, kuvomera kwa mnzako kwangolipititsa pempholo pa mzere. Malinga ngati pakuoneka `Pending`, shifiti ija idakali yako. Manijala akaweruka Lachisanu madzulo osaliona, Loweruka m'mawa amene akuyembekezeka pakhomo ndi iweyo. Njira yodziwira ndi yosavuta. Usadalire uthenga umene wabwera pa foni. Tsegula rota yeniyeniyo, pita pa tsikulo, uone dzina limene lili pamenepo. Uonenso tsiku linalo, ndipo mnzako achite chimodzimodzi pa foni yake. Maina akakhala atasinthadi pa masiku onse awiri, jambula sikirinishoti yoonetsa deti.

Wina anganene kuti, ngati apu yasintha, supavayiza alowererapo chiyani? Funsoli n'lomveka, makamaka kumene apu imaloleza kusinthana popanda kudikira bwana. Yankho lake n'lakuti apu imadziwa zokhazo zimene munthu anaikamo. Ikhoza kuona amayi awiriwa ngati ofanana, pomwe m'modzi yekha ndi amene anaphunzitsidwa ndi kuvomerezedwa kupereka mankhwala. Ngati ameneyo ndiye wachoka pa Loweruka, chigawo chonse chatsala chopanda wopereka mankhwala a m'mawa. Supavayiza ndi amenenso amadziwa kuti gogo wakutiwakuti anapempha kuti azisambitsidwa ndi mzimayi, kapena kuti wogwira ntchito watsopano sanayambe kuloledwa kugwiritsa ntchito makina onyamulira odwala. M'malo ambirinso muli pepala logawira ntchito za tsikulo limene limasindikizidwa pasadakhale, ndipo silidziwa zimene zasintha pa apu usiku.

Palinso nkhani ya kupuma. Malamulo a ku Britain a maola ogwirira ntchito, Working Time Regulations a 1998, amanena kuti munthu wamkulu apume maola 11 otsatizana pakati pa tsiku lina la ntchito ndi linzake. Ngati mayi wolandira Loweruka uja ali pa shifiti yamadzulo Lachisanu imene imatha 10 koloko usiku, kuyamba 8 koloko m'mawa ndiye kuti wapuma maola 10 okha, osachotsapo n'komwe nthawi ya pa basi. Lamuloli lili ndi zipata zina pa ntchito za mashifiti, koma wozitsegula ndi wolemba ntchito, amene ayeneranso kubweza mpumulo wotayikawo. Si za awiri ogwirizana m'kantini.

Amene amaiwalika kwambiri ndi ana asukulu. Wophunzira digiri amene ali pa viza ya sukulu amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata pa nthawi imene sukulu ili mkati, ndipo sabata imawerengedwa kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Sawerengera pamodzi masabata awiri kuti apeze pakati. Mtsikana amene amagwira mashifiti awiri a maola 9 pa sabata ali bwinobwino pa maola 18. Akalandira Loweruka la mnzake n'kupereka Lachiwiri la sabata yamawa, sabata inoyo wafika maola 27 ndipo sabata yamawa watsika pa 9. Kwa iye maola a mwezi sanasinthe, koma malamulo a viza waswa. Ine ndimaona kuti mwa zonse zimene ndatchulazi, ichi ndi chimene munthu wamkulu wopempha thandizo ayenera kuchiganizira yekha asanamuvutitse mwana wa eni, chifukwa wachichepere amachita manyazi kukana "anti".

N'chifukwa chake uthenga wopita kwa supavayiza uyenera kukhala wolembedwa ndi wokwanira. Kumuuza m'khonde iye akuthamangira belu la m'chipinda china, n'kumva akuti "chabwino", sikukuthandiza tsiku la mlandu, ndipo si kuti ndi munthu woipa, ali ndi zambiri m'mutu. Mulembere pa imelo kapena pa apu pomwepo. Utchule maina onse awiri, madeti onse awiri ndi manambala ake, osati "Loweruka likubwerali", nthawi yoyambira ndi yomalizira, ndiponso kuti pempho lili kale pa apu. Mnzako akhale nawo pa uthengawo kuti asadzati sanamve. Ndipo upemphe yankho. Malo ambiri ali ndi lamulo la masiku angati pasadakhale amene pempho lotere liyenera kufika, ndiye funsa lamulo la pamalo pako usanagule tikiti ya sitima.

Za ndalama muzikambirane poyera zisanachitike, ngakhale kuti ife a Malawi nkhani imeneyi timaizemba pakati pa anzathu. Malipiro amatsata amene wagwira tsikulo. Wolandira Loweruka apeza mapaundi 154, wolandira Lachiwiri apeza 143, ndipo kusiyana kwa mapaundi 11 kumeneko si kulakwitsa kwa ofesi. Komanso ngati tsiku lotsekera malipiro a mwezi ligwa pakati pa masiku awiriwo, wina aona maola owonjezera mwezi uno pamene mnzake aona kuchepa, ndipo zidzalingana mwezi wamawa. Peyisilipi ikatuluka, iyerekezeni ndi maola a pa apu nthawi yomweyo, sikirinishoti ija ili pafupi.

Funso limene limadanitsa anthu ndi ili: nanga mnzako uja akadwala Loweruka m'mawa? Ngati kusinthana kunavomerezedwa ndipo dzina lake ndi limene lili pa rota, shifitiyo ndi yake. Iye ndi amene ayimbe foni kuntchito monga mwa malamulo a odwala, ndipo kupeza wolowa m'malo ndi udindo wa manijala. Akhoza kukuyimbira kukupempha kuti ubwere, koma limenelo ndi pempho, ndipo ukavomera ubwere monga munthu wogwira shifiti yowonjezera, ilembedwenso pa apu. Lachiwiri limene unalandira lija likadali lako, pokhapokha mutabwezerana mwa njira yomweyo, pa apu ndi kwa supavayiza. Koma ngati pempho linatsalira pa `Pending`, foni ya 8 koloko m'mawa ilira kwa iwe, ndipo kudwala kwa mnzako sikulowa n'komwe m'nkhaniyo.