Musasiye ntchito chifukwa cha foni

Zomwe kampani ina yachita kwa achinyamata omwe idawaitana kuti akayambe ntchito ndi nkhanza, ndipo amene akuiikira kumbuyo ayenera kuchita manyazi. Nkhaniyi ambiri mwaimva. Anthu adachita intavyu, adaimbiridwa foni kuti apambana, adauzidwa malipiro ndi tsiku loyambira, ndipo ena mwa iwo adapereka notisi komwe ankagwira. Kalata adati ibwera. Tsiku litayandikira adaimbiridwanso kuti adikire kaye, likulu silinavomereze bajeti. Adikira mpaka lero ena a iwo, ndipo m'manja mwawo mulibe ngakhale kapepala kamodzi kosonyeza kuti adalonjezedwa kanthu.

Mmodzi mwa iwo, mtsikana wodziwa bwino za maakaunti, nkhani yake ndi yomwe yandilembetsa. Pafoni adauzidwa zinthu zitatu: K600,000 pamwezi, ayambe pa 1 Meyi, pulobeshoni miyezi itatu. Iye mwaulemu wake adathokoza, ndipo kumapeto kwa Malichi adapereka notisi ya mwezi umodzi monga lamulo limafunira kwa munthu wolandira pamwezi. Meyi adadutsa ali pakhomo. Juni chimodzimodzi. Lendi sidikira bajeti ya likulu, choncho adalowa m'ngongole. Adayamba mu Julayi, ndipo kalata yomwe adaipeza patebulo inali ndi nkhani ina. K600,000 uja anali malipiro onse pamodzi ndi maalawansi, msonkho ndi penshoni zisanadulidwe. Pulobeshoni inali miyezi isanu ndi umodzi, ndi mawu owonjezera akuti bwana atha kuitalikitsa. Akadakana bwanji? Kwakale kuja adali atalemba kale wina. Adasaina.

Ndikunena mosapita m'mbali: ntchito yomwe sinalembedwe papepala simunaipeze. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo la pafoni ndi fodya wapachala.

Tsono pali gulu la alangizi lomwe limanditopetsa kwambiri, ndipo limapezeka paliponse, m'minibasi, pamaliro, ngakhale m'nyumba zathu momwe. Awa amati: “Ntchito zikusowa, iwe landira kaye, zamakalata uzikafunsa uli m'kati.” Ena amati kupempha kalata ndi mwano, abwana aona ngati ukuwakayikira. Enanso amati munthu wophunzira, wovala tayi, sangakunamize. Malangizo awa ndi opusa, ndipo amene amawapereka sadzakulipirirani lendi zikadzavuta. Mwano wake uli pati? Kampani yomweyo singatulutse thumba limodzi la simenti m'sitolo popanda munthu kusaina. Dalaivala sangatenge mafuta popanda kapepala. Inuyo pofunsira ntchito adakuuzani kuti mubweretse masatifiketi odindidwa, chitupa cha unzika, makalata a okuchitirani umboni, chifukwa mawu anu okha sadawakhulupirire. Palibe adati umenewo ndi mwano. Koma inu mukapempha tsamba limodzi lofotokoza za moyo wanu ndi wa ana anu, akuti mwasowa khalidwe. Ulemu wotani womwe umagwira mbali imodzi yokha, mbali ya wosauka?

Ndipo mawu akuti “ukafunsa uli m'kati” ndiwo oipitsitsa, chifukwa amatembenuza zinthu. Nthawi yokhayo yomwe wofuna ntchito ali ndi mphamvu ndi pakati pa tsiku lomwe wauzidwa kuti wapambana ndi tsiku lomwe wasiya ntchito yakale. Pamenepo kampani yamusankha, yataya nthawi ndi ndalama pamaintavyu, ndipo iye akadali ndi kobwerera. Akangopereka notisi mphamvu ija yatha. Alangizi athuwa akuuza ana kuti ataye mphamvuyo dala, kenako akapemphe chifundo.

Ena amadziwako malamulo pang'ono ndipo amati musadandaule, boma lidaikapo kale. N'zoona kuti Lamulo la za Ntchito la chaka cha 2000 limazindikira mgwirizano wapakamwa. N'zoonanso kuti gawo 27 la lamuloli limauza olemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo kuti apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza tsiku loyambira, malipiro ndi kawerengedwe kake, nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola ogwira, kathetsedwe ka mgwirizano ndi malamulo a chilango. Koma werengani bwino. Lamuloli limapatsa bwana mwezi umodzi kuchokera pomwe wantchito wayamba kuti apereke chikalatacho. Ndiye kuti chimabwera inu mutawotcha kale mlatho wakumbuyo. Chimangolemba zomwe bwana wafuna kulemba, ndipo ngati zikusiyana ndi zapafoni, umboni wanu uli kuti? Mukapita ku ofesi ya leba kapena ku khoti loona milandu ya pantchito, funso loyamba lidzakhala lakuti muonetse zomwe mudagwirizana. Mudzati “adandiimbira.” Iwo adzati “sitidanene choncho.” Mlandu utha kutenga nthawi yaitali, inu mukudya chiyani?

Pa pulobeshoni ndiye pali msampha waukulu, ndipo anthu amaupeputsa ngati mwambo chabe. Gawo 26 limati pantchito yaluso bwana ndi wantchito atha kugwirizana kutalika kwa nthawi yoyesedwa, koma isapitirire miyezi 12. Likupitiriza kuti m'nthawi imeneyi aliyense wa awiriwo atha kuthetsa mgwirizano nthawi iliyonse popanda notisi. Popanda notisi! Ndipo wochotsedwa ali pa pulobeshoni salandira ndalama zija zimaperekedwa kwa munthu yemwe ntchito yamuthera atagwira zaka. Choncho kusiyana kwa miyezi itatu ndi miyezi isanu ndi umodzi si nkhani ya manambala. Ndi miyezi ina itatu yomwe mutha kuuzidwa Lachisanu madzulo kuti Lolemba musabwere, ndipo mutuluke chimanjamanja. Munthu amene wasiya ntchito yokhazikika ya zaka zisanu kuti alowe m'nthawi yotere ayenera kudziwa tsiku lenileni lomwe idzathe. Mawu akuti “itha kutalikitsidwa” opanda malire ndi amene amasunga anthu pa pulobeshoni pafupifupi chaka chonse, akugwira ntchito ya munthu wokhazikika, akuopa ngakhale kupempha tsiku lopita kuchipatala. Lamulo likuti mbali ziwiri zigwirizane. Mudagwirizana liti ngati mudangoipeza patebulo?

Chochita si chovuta ayi. Foni ikalira, thokozani, ndipo nenani kuti mudikira kalata kuti muyankhe molemba. Musapereke notisi. Kalata ikabwera, iwerengeni usiku wonse ngati kuli kofunika, ndipo yang'anani kaye ndalama. Ngati alemba K600,000, funsani ngati imeneyo ndi yoyambira yokha kapena aphatikizamo alawansi ya nyumba ndi ya mayendedwe, komanso ngati ndi yolowa m'thumba kapena yodzadulidwa. Penshoni yokha imatenga K5 pa K100 iliyonse kwa wantchito, bwana naye n'kuikapo K10, ndipo msonkho umabwera pamwamba pake. Munthu amene ankayembekeza K600,000 m'manja atha kupeza kuti akulandira zochepa kuposa komwe wachoka.

Kenako werengani masiku. Ngati kalata yafika pa 10 Epulo ndipo akufuna muyambe pa 1 Meyi, notisi yanu ya mwezi umodzi siikwana. Mukachoka msanga, abwana akale ali ndi ufulu wofuna kuti muwalipire m'malo mwa notisiyo, ndipo mudzachoka ndi mbiri yoipa. Pemphani kuti tsiku lisunthe, ndipo tsiku latsopanolo lilembedwe ndi manambala. “Kumayambiriro kwa mwezi wamawa” si tsiku. Onaninso ngati ntchitoyo yamangidwa pa zinthu zina, monga kuyezedwa kuchipatala, kuyankha kwa okuchitirani umboni kapena kuvomereza kwa bodi. Ngati zilipo, ntchito simunaipeze mpaka zitatheka, ndipo notisi idikire.

Yankho lanu lisangoti “ndavomera, zikomo.” Libwereze zomwe mwamva, mwachitsanzo motere: “Ndikuvomera ntchito ya wothandizira za maakaunti monga mwa kalata yanu ya pa 10 Epulo. Ndamva kuti ndidzayamba pa 15 Meyi, malipiro oyambira ndi K600,000 pamwezi msonkho ndi penshoni zisanadulidwe, ndipo pulobeshoni ndi miyezi itatu, kutha pa 14 Ogasiti, pomwe mudzandiuze molemba ngati ndakhazikika. Ngati pali pomwe ndamva molakwa, chonde ndidziwitseni ndisanapereke notisi komwe ndikugwira.” Sainani, ikani deti, tumizani, ndipo sungani kope yanu kunyumba, osati mu imelo ya kuntchito yomwe adzaitseka tsiku lomwe mukuchoka. Mukaipereka pamanja, wolandira asaine kapena adinde pa kope yanuyo. Ngati kampani ikuchedwa ndi kalata, lembani inuyo mawu omwewa pa imelo, ngakhale pa Watsapu, ndipo pemphani kuti ayankhe kuti ndi momwemo. Yankho limenelo ndi umboni. Kukhala kwawo chete nakonso kukuuzani kanthu.

Ndikudziwa zomwe alangizi aja anene: “Nanga akakwiya n'kupatsa wina?” Funso limeneli amalifunsa ngati lanzeru kwambiri, koma taliganizirani. Bwana amene angakulandeni ntchito chifukwa mwamupempha kuti alembe zomwe wanena yekha ndi pakamwa pake, ndiye kuti sankafuna kuzisunga. Wakuululirani msanga, mukadali ndi ntchito yanu yakale. Olemba ntchito achilungamo alipo ambiri m'dziko muno, ndipo iwo kalata amatumiza okha, chifukwa imawateteza nawonso. Amene amadana ndi pepala ndi amene akufuna kudzasintha nkhani. Kuuza mwana kuti aziopa kukhumudwitsa munthu wotere ndi kumupereka m'manja mwake. Makolo, amalume ndi azibusa amene mumati “pita ukayambe, Mulungu adzaona,” mukuganiza kuti mukuphunzitsa kudzichepetsa, koma mukuthandiza akuba.

Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Kusowa kwa ntchito sikudafafanize gawo limeneli, ndipo sikupatsa kampani iliyonse chilolezo choseweretsa anthu amene yawachotsa pomwe ankadya. Aphungu athu aunikenso gawo 27 la Lamulo la za Ntchito lija kuti chikalata chiziperekedwa munthu asanayambe ntchito, osati patatha mwezi. Koma inu amene foni ikulirani sabata ino musadikire Nyumba ya Malamulo. Pemphani kalata, yankhani molemba, tchulani malipiro, tsiku loyambira ndi tsiku lothera pulobeshoni, ndipo notisi mupereke iwo atatsimikiza.