Wagwa pa kabaza popita kuntchito: alipire ndani?

Msuweni wanga amagulitsa m'sitolo pa Ngabu. Mwezi watha adagwa pa kabaza akuthamangira kuntchito, mkono thyo! Adandiimbira ali kuchipatala: "Achimwene, abwana andipatsa chipukuta misozi eti?"

Apa pali malamulo awiri, ndipo onse amaloza thumba la abwana. La chipukuta misozi, la 2000, limafuna kuti ngoziyo ichokere pa ntchito, munthu ali m'kati mwa ntchitoyo. Akadagwa atatumidwa kukatenga katundu ku Nchalo, kapena ali m'galimoto yomwe abwana amatengera antchito, nkhani yake ikadalimba. Koma kabaza wokwera yekha kuchokera kunyumba, abwana akhoza kukana.

Chomwe sangakane ndi tchuthi cha matenda. Ukakwanitsa miyezi 12 pantchito, ndipo uli ndi kalata ya dokotala, umalandira malipiro onse kwa masabata 4, kenako theka kwa masabata 8. Msuweniyo amalandira K120,000 pamwezi, ndiye akakhala miyezi iwiri kunyumba apeza pafupifupi K180,000. Zikathera pompo, ngakhale mkono utapindika mpaka kalekale.

Ndidamuuza asunge kalatayo ndi lipoti la apolisi, apite nazo ku ofesi ya zantchito ku Chikwawa. Kumeneko funso lalikulu likakhala loti: adakutuma ndani?