Foni ya 50MP, Nanga Bwanji Cithunzi ca Usiku Cioneka Monga Nsenga?

Imwe a ku Silverest, malaiti akapita mumadziwa mdima wake. Mwakhala pa braii, kandulo imodzi pa tebulo, mwatulutsa foni yanyowani yolembedwa 50MP pa bokosi. Cithunzi cituluka ca timadontho, nkhope sizidziwika. Mnzanu wa aifoni yakale ya 12MP chabe ajambula pamene apo, cake cituluka bwino. Si mankhwala iyayi.

Kumbuyo kwa kagalasi ka kamela kuli kambale kang'ono kamene kagwila kuwala. Ndiye sensa. Muiganizile monga puloti, pakuti kuno nkhani za mapuloti tizidziwa. Mamegapikiseli ni nambala ya tuzipinda tumene mwadula pa puloti ija. 50MP ni tuzipinda 50 miliyoni. Manje kudula tuzipinda tambili sikukulitsa puloti. Ngati puloti ni ing'ono, kacipinda kalikonse kacepelatu, ndipo kuwala kolowamo ni kocepa. Masana palibe vuto, dzuwa ni lambili. Usiku foni imakokela mwamphamvu kuwala kocepako, ndipo nsenga ija ndiye pamene imabwela. Kapena imasiya diso lotseguka nthawi yaitali, dzanja lanu lagwedezeka pang'ono, cithunzi cafufutika.

Onani masensa awili, onse 50MP. Samsung JN1, yopezeka m'mafoni ambili ochipa, ni ya saizi 1/2.76", ndipo pikiseli yake ni 0.64µm. Sony IMX766 ni ya 1/1.56", pikiseli 1.0µm. Pa bokosi nambala ni imodzimodzi, koma ya Sony malo ake ni aakulu kupitilila kawili, ndiye kuwala imagwila nako ni kwambili motelo. Cenjelani apa: nambala ya pansi ikacepa, sensa ni ikulu. 1/1.56" ipambana 1/2.76".

Opanga mafoni adziwa. Ndiye cifukwa foni ya 50MP imagwilizanitsa mapikiseli anayi kukhala imodzi, n'kukupatsani cithunzi ca pafupifupi 12.5MP. Mukasankha 50MP mu kamela usiku, kambili mungoonjezela nsenga na kudya malo mu foni. Siyani ija ya masana.

Mukapita kukagula mu tauni, osamvela chabe ogulitsa akuti "bosi, iyi ni 108". Funsani saizi ya sensa, kapena lembani dzina la foni pa intaneti muione mweka. Yang'anani na nambala ya f, imene ni kukula kwa khomo la kuwala: f/1.8 ilowetsa kuwala pafupifupi kawili kuposa f/2.4. Mukaona OIS, ni bwino, imacepetsa kugwedezeka kwa dzanja.

Koma mayeso eni-eni ni awa. Mu shopu muja mwawala dala, foni iliyonse ioneka ngwazi. Jambulani pansi pa kaunta pamene pali mdima, mukulitse cithunzi na zala. Ngati malembo a pa katoni asungunuka monga kandulo, ibwezeni.

Amene muli nayo kale, pukutani galasi, yatsani Night mode, tsamilani cigongono pa tebulo, muuze anzanu asagwedezeke mpaka itsilize kujambula.